Ndondomeko yoyesera pulogalamu yolipirira fizi

"Tilipo atatu okha ndipo tatsala pang'ono kutulutsa pulogalamu ya pa intaneti yolipirira fizi ya sukulu. Kodi ndondomeko yoiyesera tiikonze motani?"

Langizo langa ndi lakuti chikalatacho chisapitirire masamba atatu, chifukwa chikatalika palibe amene adzachitsegule. Tsamba loyamba linene zimene mudzayese, zimene mwazisiya dala, ndi amene adzayese gawo lililonse, ndipo wolemba gawolo asaliyese yekha. Linenenso malo oyesera, omwe akhale akaunti yoyeserera imene kampani yodutsitsa malipiro imapereka, ndipo mayina a ophunzira akhale opeka.

Mayeso enieniwo muwasanje malinga ndi kukula kwa vuto limene lingabuke, ndipo okhudza ndalama akhale patsogolo. Pa lililonse mulembe mmene zinthu zilili poyamba, zoti woyesa achite, zimene mukuyembekezera, ndi zimene zachitikadi.

Tiyerekeze kuti wophunzira ali ndi ngongole ya 90,000 ndipo kholo lalipira 30,000. Mukuyembekezera kuti patsale 60,000 ndi lisiti limodzi. Koma makampani ambiri amatumizanso uthenga wotsimikizira malipiro ngati seva yanu yachedwa kuyankha, choncho woyesa atumize uthenga womwewo kawiri, nambala ya malipiro ili yomweyo. Ngongole ikatsika kufika pa 30,000, kapena malisiti akatuluka awiri, ndiye kuti pulogalamu yawerengera ndalama imodzi kawiri. Kenako atumize mauthenga awiriwo nthawi imodzi, chifukwa pulogalamu imene imayamba yafufuza ngati nambalayo ilipo isanailembe imatha kupambana poyamba paja koma n'kulephera apa, popeza onse awiri amapeza kuti nambalayo palibe. Chimene chimatseka mpata umenewu ndi kuika `UNIQUE` pa nambala ya malipiro m'nkhokwe yosungira zonse.

Woyesa atsekenso tsamba la pa intaneti lolipirira ndalama zitangochoka, asanabwerere ku pulogalamu yanu. Malipirowo ayenera kulembedwabe, pakuti umboni wake ndi uthenga wa kampani wopita ku seva yanu, osati tsamba limene kholo laona. Uthenga wopanda siginecha yolondola ukanidwe, ndipo kholo likasintha nambala ya wophunzira mu adiresi ya tsamba lisaone ngongole ya mwana wa eni. Za mitundu ndi maonekedwe a mabatani, mzere umodzi ndi wokwanira.

Gawo lomaliza, limene ambiri amaliiwala, linene zoyenera kukwaniritsidwa musanatulutse pulogalamuyo: pasakhale vuto lotsala lokhudza ndalama kapena chinsinsi cha ophunzira, ndipo malipiro onse oyeserera agwirizane, mzere ndi mzere, ndi lipoti la kampani ija. Mulembenso dzina la amene ali ndi mphamvu yoimitsa malipiro zinthu zikasokonekera pa tsiku loyamba, ndipo muyeseretu kubwezeretsa nkhokwe kuchokera ku kope losungidwa tsikulo lisanafike.