Msongolo ukuwawa ndikathamanga, ndiwonjezere bwanji mtunda?

"Ndayamba kuthamanga masabata 6 apitawo. Poyamba ndinkathamanga makilomita 3 katatu pa sabata, kenako nditaona kuti mpweya wayamba kukwana ndinafika makilomita 5 kasanu pa sabata pamsewu wa tala. Pano misongolo yonse iwiri ikuwawa chamkatimu, makamaka wakumanzere. Ndinapuma masiku 4, nditayambiranso ululu wabwerera. Ndichite bwanji amayi anzanga ndi abambo a m'gulu muno?"

Achemwali, pepani kwambiri. Tawerengani nokha: munachoka pa makilomita 9 pa sabata n'kufika pa 25. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, m'masabata ochepa chabe munthu umayamba kumva kupepuka. Fupa silitero. Likayamba kulandira katundu watsopano, thupi limayamba lachotsa kaye tizigawo totopa ta fupalo, kenako n'kumangapo tatsopano tolimba, ndipo ntchito imeneyi imatenga miyezi. Pakatikatipo fupa limakhala lofookerapo, ndiye nthawi yomweyo imene inu munamva kuti mphamvu zabwera n'kuwonjezera mtunda. Masiku 4 opuma anangoziziritsa ululu, fupalo linali lisanamalize kudzikonza.

Musanaganize za ndondomeko ina iliyonse, khalani pansi, muike mwendo pampando, muyendetse chala m'mphepete mwa fupa la msongolo cha mkati, kuchokera pamwamba pa kakolo kukwera m'mwamba. Ngati ululu wamwazikana pamalo aatali, masentimita 5 kapena kuposa, ndipo umayamba mukangoyamba kuthamanga n'kumachepa thupi likatentha, nthawi zambiri limenelo ndi vuto lodziwika la othamanga atsopano, ndipo limatha mukachepetsa katundu. Koma ngati pali kamalo kamodzi kokwana nsonga ya chala kamene mukakadina mumadzidzimuka, kapena mukumva kuwawa poyenda wamba, kapena usiku mutagona, kapena simungathe kudumpha ndi mwendo umodziwo, siyani kuthamanga lero lomwe mupite kuchipatala. Umenewo ukhoza kukhala mng'alu wa fupa. Dziwaninso kuti mng'alu wotere kawirikawiri suoneka pa ekisire m'masabata awiri kapena atatu oyambirira, choncho akakuuzani kuti chithunzi chili bwino koma kamaloko kakupwetekabe, bwereraniko. Chimodzimodzi ngati mwendo umauma gwa pothamanga ndipo phazi limachita dzanzi, zimenezo n'zofunika dokotala kapena a fiziyo.

Tinene kuti ndi ululu womwazikana uja. Musawerenge masiku opuma, yang'anani zimene mwendo ukutha kuchita. Muyambirenso pokhapokha mukamayenda mwandawala mphindi 30 osamva kanthu, komanso mukamadumpha ka 10 ndi mwendo wowawawo popanda ululu. Kwa ena zimatenga masabata awiri, kwa ena anayi kapena kuposa. Pa nthawiyi palasani njinga ngati siikukupwetekani, kuti mpweya usabwerere m'mbuyo. Kenako yambani ndi kuthamanga mphindi imodzi, kuyenda mphindi ziwiri, kubwereza ka 8, tsiku lotsatira n'kupuma. Ulendo uliwonse ukayenda bwino, talikitsani mphindi zothamanga n'kufupikitsa zoyenda mpaka mufike pothamanga makilomita 3 osaima.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Sabata yoyamba bwererani pa makilomita 9 aja, atatuatatu, Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka. Sabata yachiwiri 10, kilomita yowonjezerayo muiike pa Loweruka pokha. Yachitatu 11. Yachinayi mutsike dala kufika pa 8 ngakhale mukumva bwino, chifukwa sabata yopepukayi ndi imene imapatsa fupa mpata woti lipezane ndi mtima. Mwezi wachiwiri 12, 13, 14, n'kutsikira pa 10. Wachitatu 15, 16, 18, n'kutsikira pa 13, ndipo apa mukhoza kuyamba tsiku lachinayi, koma ligaweni kuchokera pa mtunda womwewo, likhale la makilomita 2 kapena 3 basi. Mukatero makilomita 25 mudzawafika pakatha miyezi inayi kapena isanu. Ndikudziwa kuti zikumveka kutali, koma mng'alu ukhoza kukukhazikani pansi miyezi iwiri kapena itatu n'kukubwezerani poyambira.

Mudzamva anthu akunena za lamulo losawonjezera kuposa 10 pa 100 alionse pa sabata. Ndi poyambira pabwino, koma si lamulo loti mulidalire mutatsinzina. Ine chimene ndimakhulupirira kwambiri ndi m'mawa wa tsiku lotsatira. Mukadzuka, musanachite chilichonse, dinani msongolo uja, muyende kupita panja, mudumphe kangapo. Ngati zili ngati dzulo lake, pitirizani. Ngati pakuwawa kuposa dzulo, kapena ululu watha tsiku lathunthu usanachoke, bwererani pa mtunda wa sabata yapita ndipo mukhalepo sabata ina yonse. Pothamanga penipeni, kakumva pang'ono kosakula n'kololedwa, koma ululu umene ukukula kilomita iliyonse kapena ukukuchititsani kutsimphina ukutanthauza kuti muime, muyende kubwerera kunyumba.

Musinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Sabata imene mwawonjezera mtunda musawonjezerenso liwiro, musayambenso zitunda, musayambenso nsapato zatsopano. Mukaphatikiza zonse mwendo n'kuyamba kuwawa, simudzadziwa cholakwa. Kutsetsereka mothamanga kumamenyetsa msongolo kwambiri, ndiye mwezi woyambawu potsika muziyenda.

Ine zinandichitikira chaka changa choyamba, ndipo chimene ndimanong'oneza nacho bondo n'chakuti ndinkamwa bulufeni ndisananyamuke. Ululu unkabisala, ine n'kumaliza makilomita anga mosangalala, madzulo n'kumakwera sitepe ya pakhonde nditagwira chipupa. Chonde musamwe mankhwala opha ululu n'cholinga choti mukathamange. Ayezi wokulunga m'kansalu mphindi 10 kapena 15 amatonthoza, koma sachiritsa chimene chayambitsa.

Ziwiri zimene zinandithandiza kwenikweni ndi izi. Choyamba, kulimbitsa akatumba. Imani pa sitepe ndi zala, chidendene chili m'malere, nyamukani pang'onopang'ono n'kutsikanso pang'onopang'ono, ka 15, maulendo atatu, masiku atatu pa sabata. Kenako bwerezani mawondo atapindika pang'ono, chifukwa mukatero mumagwiritsa ntchito mnofu wamkati wa katumba umene umanyamula katundu wambiri pothamanga. Zikayamba kuphweka, chitani ndi mwendo umodzi, kenako mutabereka chikwama chokhala ndi mabuku. Chachiwiri, kufupikitsa mapazi. Othamanga atsopano ambiri amaponya phazi patsogolo kwambiri n'kumenya pansi ndi chidendene bondo litawongoka. Werengani kuti phazi lamanja likugunda pansi kangati pa mphindi imodzi. Ngati ndi ka 76, yesani ka 80 pa liwiro lomwelo. Mudzamva nokha phokoso la mapazi likuchepa.

Za nsapato, ambirife timagula pa kaunjika, ndipo pamwamba zimaoneka zatsopano pomwe thovu la pansi linaphwanyika kale ndi mwini wake woyamba. Iikeni patebulo muiyang'ane chakumbuyo. Ikapendekera mbali imodzi, kapena thovu lili ndi makwinya ozama, yatha ntchito. Pamsewu wa tala, m'mphepete mumakhala mopendekeka kuti madzi azitsika, ndiye mwendo umodzi umaponda motsika ulendo wonse. Ngati pafupi pali bwalo la mpira kapena njira yafumbi yosalala, maulendo awiri pa atatu muzithamanga kumeneko.

Ndikufunseni chimodzi ngati mayi mnzanu, ndipo simukuyenera kuyankha pagulu pano. Kodi munayamba kuthamanga pamodzi ndi kudzimana chakudya kuti muchepetse thupi? Ngati ndi choncho, makamaka ngati msambo wayamba kudumpha miyezi pomwe simuli oyembekezera, thupi likusowa chakudya chokwanira, ndipo mafupa a munthu wotere amang'aluka msanga. Zikatero ndondomeko ya makilomita ija iyambe yadikira, kaonaneni kaye ndi dokotala, ndipo nsima, usipa, nyemba, mazira ndi masamba zibwerere m'mbale mokwanira.