Bambo mfumu sanandiyankhe: ndiwaitane bwanji kuti adzadalitse nyumba?

"Ine ndi amuna anga tamanga nyumba kufupi ndi Bembeke, ndipo chipinda chakutsogolo tachisandutsa golosale. Takhala zaka zambiri ku Lilongwe, tangobwerera kumene kumudzi. Ine ndine Mkatolika, amuna anga ndi a CCAP. Ndinalembera bambo mfumu pa WhatsApp kuti abwere Loweruka likubwerali adzadalitse nyumbayi, koma patha sabata osayankha. Kodi ndalakwitsa pati? Ndiwauze mawu otani, ndipo ndikonze ndalama zingati?"

Mayi, poyamba ndikuyamikireni pomaliza nyumba. Amene anaumbapo njerwa amadziwa kuti si ntchito yamasewera. Ndipo musadzione ngati mwakanidwa. Mmene ndikuonera, uthenga wanu unalumpha anthu amene amayenera kuumva poyamba, komanso munawauza bambo tsiku m'malo mowapempha tsiku.

Parishi ya kumudzi ndi yaikulu. Wansembe mmodzi kapena awiri amayendera matchalitchi ang'onoang'ono ambiri, ena ali kuseri kwa mapiri kumene galimoto imafika movutikira nthawi ya dzinja. Sangadziwe nkhope ya Mkhristu aliyense. Tsono pafoni pakafika uthenga wochokera ku nambala yachilendo, funso loyamba m'mutima mwawo limakhala lakuti, kodi ameneyu ndi wa mphakati uti? Inu mwangobwera kumene, ndiye n'kutheka kuti dzina lanu likadali m'kaundula wa parishi ya ku Lilongwe. Yambirani pamenepo. Pitani ku mphakati wa m'mudzi mwanumo, umene ena amautcha limana, mukadzionetse kwa wapampando, mutanyamula khadi lanu la ubatizo ndi kalata yosamukira ngati anakupatsani. Mukasonkhana nawo kamodzi kapena kawiri, pempho lanu silikhalanso la mlendo.

Kwa wapampandoyo pitani nokha pakhomo pawo. Odini, khalani pansi, mupatsane moni mpaka athe, mufunsane za ana ndi za kumunda. Kwathu kuno nkhani siyambira chiimire. Kenaka munene motere:

"Bambo, ndabwera ndi kapempho. Mulungu watikomera mtima, kanyumba kaja tamaliza. Tinalakalaka kuti bambo mfumu, kapena wansembe aliyense amene angapeze mpata, adzatidalitsire tisanakhazikikemo. Ndati ndidzere kwa inu eni mphakati kuti munditsogolere."

Mawu akuti "kapena wansembe aliyense" musawasiye. Anthu ambiri amaumirira bambo mfumu, ena mpaka kumafuna Ambuye Episkopi, ngati kuti dalitso limakula ndi udindo wa munthu. Wansembe wothandizira, ngakhale dikoni, amadalitsa nyumba mokwanira. Mukaumirira mmodzi mukhoza kudikira miyezi, ndiponso mwamunyoza winayo osadziwa.

Wapampando adzakuuzani njira ya parishi yanu. Kwina amadzera kwa katekisiti, kwina amakuperekezani ku ofesi ya parishi. Kumeneko ndi bwino kusiya kalata, chifukwa mawu apakamwa amaiwalika Misa ikangotha ndipo anthu khumi atawazungulira bambo pakhomo pa tchalitchi. Kalata yake isatalike:

"Okondedwa Bambo Mfumu,
Landirani moni mwa Ambuye wathu Yesu Khristu. Ine ndine uje, wa mphakati wakuti, m'mudzi mwa mfumu yakuti. Banja lathu lamaliza kumanga nyumba yokhalamo, imene kutsogolo kwake kuli golosale. Tikupempha modzichepetsa kuti inu, kapena wansembe amene mungamutume, adzatidalitsire nyumbayi pamodzi ndi golosaleyo. Ife tinaganizira Lachinayi pa 12 Juni kapena Lachiwiri pa 17 Juni m'mawa, koma tidzalandira tsiku lililonse limene inu mungaone kuti n'lotheka. Padzakhala a pabanja pathu ndi Akhristu a mphakati, anthu osaposa makumi atatu. Amuna anga ndi a mpingo wa CCAP ndipo agwirizana nalo pempholi. Za mayendedwe anu tidzakonza ife.
Ine mwana wanu mwa Ambuye."

Pansi pake lembani dzina ndi nambala ya foni, ndipo wapampando asaineko. Kalatayo iperekeni kukadali masabata atatu kapena anayi.

Taonani kuti m'kalatamo mulibe Loweruka. Loweruka ndi la maukwati ndi misonkhano ya mabungwe a mpingo, Lamulungu ndi la Misa zotsatizana, ndipo ansembe ambiri amapumula Lolemba. Sabata Loyera ndi masiku a Khirisimasi musayesere n'komwe. Pewaninso tsiku la msika, pakuti simungatseke golosale ogula ali pakhomo, komanso simungamapereke chenji pemphero lili m'kati.

Ine ndinaphunzira izi movutikira. Titamaliza nyumba yathu ndinayamba ndauza abale tsiku, mbuzi n'kugula, amayi n'kufulula thobwa, kenaka ndiye n'kupita kukauza wansembe. Anandimvetsera mwaulemu, natsegula kabuku kawo ka masiku, n'kunditembenuzira kuti ndione ndekha. Tsiku limenelo munali ubatizo ku tchalitchi china cha kutali. Sanandikalipire. Anangoti, "Mukanayamba ndi ine, tikanapeza tsiku limodzi." Ndinayenda khomo ndi khomo kusintha uthenga, thobwa lija n'kusasa. Choncho musauze munthu tsiku bambo asanavomere. Ndipo ngakhale avomere, dziwani kuti maliro kapena wodwala wofuna sakramenti akhoza kuwachedwetsa. Zikatero musaimbe foni kasanu. Wapampando ndiye afunse.

Chinthu china chimene chimasokoneza ndi kusanena bwino chimene mukupempha. Kudalitsa nyumba ndi kwina, Misa ya pakhomo ndi kwina. Mwambo wodalitsa ndi waufupi: moni, kuwerenga Mawu a Mulungu, kulalikira pang'ono, mapemphero a onse, pemphero lodalitsa, kenaka bambo amayenda m'zipinda kuwaza madzi odalitsidwa anthu akuimba. Misa imafuna zipangizo zake, kwaya, nthawi yotalikirapo, ndipo parishi iliyonse ili ndi dongosolo lake pa Misa za m'makomo. Musawadzidzimutse bambo atafika kale kuti "tinkayesa mutichitira Misa". Ngati ndi Misa mukufuna, ilembeni m'kalata.

Pali liwu limodzi limene ndikupemphani kuti lisatuluke pakamwa panu: kutsirika. Ndamvapo anthu akuti, "Bambo, mudzatitsirikire nyumba, anthu a pano ndi oipa mtima." Wansembe akamva zotere amadziwa kuti mukumuyesa sing'anga wovala mkanjo, ndipo madzi odalitsidwa mukuwayesa mankhwala okwirira pangodya. Dalitso ndi pemphero lothokoza Mulungu ndi kupempherera anthu okhala m'nyumbamo. N'chifukwa chake Mpingo umafuna kuti eni nyumba akhalepo pa mwambowu. Musatume mlamu kuti akatsegulire bambo inu muli kukaoda katundu. Ngati muli ndi mantha enieni, mwina simugona, mwina pali mkangano wa malire, kawauzeni bambo panokha ku ofesi. Koma kutchula mnansi pagulu kuti ndi mfiti kumayatsa moto umene sudzazima ngakhale bambo atapita. Chimodzimodzi golosale: pemphani kuti adalitse ntchito ya manja anu, osati kuti ogula asiye kwa mnzanu abwere kwa inu. Ngati mudzagulitsamo mowa, neneranitu pamene mukupempha, bambo aone okha chochita.

Tsopano za amuna anu. Nyumba ndi ya nonse, ndiye mpingo wawo usamve nkhaniyi kwa anthu odutsa. Iwo apite kwa mkulu wa mpingo wa dera lawo, amene adzafikitsa pempho kwa abusa. Mawu ake kumeneko amasintha pang'ono. Sanena zowaza madzi, amangoti, "Tikupempha abusa adzatichititse mapemphero othokoza Mulungu ndi kupereka nyumba yathu m'manja mwake." Kawirikawiri pamakhala nyimbo, Mawu monga Salimo 127, ulaliki ndi pemphero, ndipo amayi a Chigwirizano amabwera kudzathandiza. Ine ndimakonda masiku awiri osiyana, aliyense achite mwambo wake momasuka. Mukafuna tsiku limodzi, aliyense adziwiretu kuti mnzake adzakhalapo, ndipo zoti ayambe ndani, atseke ndani, akambirane okha atsogoleriwo. Choipitsitsa ndi chakuti abusa afike n'kupeza bambo atavala kale stola, onse awiri osadziwa. Anansi anu Achisilamu aitaneni ngati anansi, ndipo nyama yake ikhale yoti iwonso angadye. Amfumu a m'mudzi auzidwe ndi munthu wamkulu wa kubanja, osati kumva nyimbo chabe.

Za ndalama, dalitso siligulidwa, ndipo funso lakuti "mumatchaja zingati?" musadzawafunse bambo. Koma galimoto kapena njinga yamoto siyendera madzi. Funsani wapampando kapena katekisiti kuti, "Kodi mwambo wake kuno umakhala wotani pa za mayendedwe a bambo?" Iwo adzakuuzani poyera. Ngati palibe chokhazikika, werengerani mafuta opita ndi kubwerera kuchokera ku parishi, muonjezepo chimene mtima wanu wakonda. Ikani mu envulopu, muipereke pambali powaperekeza, ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Bambo, tathokoza kwambiri, kangachepe aka n'ka mafuta." Osaulutsa pagulu, osajambulitsa. Nkhuku yachikuda, ndowa ya mbatata ya kachewere kapena nyemba ndi mphatso zolemekezeka ndithu kuno ku Dedza, ndipo munthu asachite manyazi nazo. Amene anakuyenderani nkhaniyi, katekisiti kapena wapampando, musamuiwale.

Tsikulo tumani mnyamata akawadikire bambo pamphambano, chifukwa "nyumba ya malata atsopano" sikulondolera. Amuna anu, monga mwini khomo, ndiwo akawalandire pagalimoto. Pabalaza ikani tebulo loyalidwa nsalu yoyera, mtanda ndi kandulo, ndipo funsiranitu ngati bambo abweretsa madzi odalitsidwa kale kapena mukonze madzi m'beseni loyera kuti adzawadalitse pomwepo. Zitseko zonse zikhale zotsegula, ndi chipinda chosungira katundu chomwe. Matumba a shuga, mchere ndi ufa m'golosale aphimbeni ndi pulasitiki, madzi owaza sasankha pogwera. Wailesi izimitsidwe.

Wolankhula m'malo mwa banja akhale mmodzi, ndipo mawu ake asapitirire apa: "Bambo, takulandirani ndi manja awiri. Nyumba ndi ino, eni ake ndi awa. Mwambo tausiya m'manja mwanu." Mbiri ya mmene munavutikira kugula simenti idzanenedwe pa chakudya. Chakudyacho chikhale chitapsa mwambo usanayambe, ndipo ngati ndi mwezi wa Juni, ndi kuzizira kwa ku Bembeke kuja, tiyi wotentha akhale pafupi. Bambo akanena kuti sakhalitsa chifukwa akudikiridwa kwina, musawakakamize kudya. Akulungireni nkhuku yawo, muwaperekeze mpaka pagalimoto.

Za uthenga uja munatumiza kale, musaufufute ndipo musatumize wina wofunsa chifukwa chimene sanayankhire. Mukakakumana nawo ku ofesi pamodzi ndi wapampando, ingonenani kuti, "Pepani bambo, ndine ndinakulemberani pafoni ndisanadziwe njira yake," kenaka muwapatse kalata ija.