Kupeza kulemera kwa kopa pa voliyumu kuchokera ku selo yake

Funso: "Atipatsa kuti mbali ya selo ya kopa ndi 361.5 pm, ndipo ndi FCC. Densite ndiipeza bwanji? Yankho langa likutuluka laling'ono kwambiri."

Selo ndi kabokosi kakang'ono ka maatomu kamene kamabwerezedwa m'chitsulo chonse. Densite ndi kulemera kwa maatomu a m'selo imodzi kugawa ndi voliyumu ya seloyo:

```
ρ = (Z × M) / (a³ × Nₐ)
```

Apa Z ndi chiwerengero cha maatomu a m'selo imodzi, M ndi kulemera kwa molu imodzi, a ndi kutalika kwa mbali ya selo, ndipo Nₐ ndi chiwerengero cha maatomu a mu molu imodzi. Ambiri amaphonya pa Z. Mu FCC, yomwe ndi selo yokhala ndi atomu pakona iliyonse ndi pakati pa nkhope iliyonse, atomu iliyonse ya pakona imagawidwa ndi maselo 8, choncho makona 8 amapereka atomu imodzi yokha. Atomu ya pakati pa nkhope imagawidwa ndi maselo awiri, ndiye nkhope 6 zimapereka 3. Zonse pamodzi Z ndi 4.

Kenako sinthani mapikomita kukhala masentimita musanawerengetse a³: a ndi 3.615 × 10⁻⁸ cm, ndipo a³ ndi 4.724 × 10⁻²³ cm³. Molu imodzi ya kopa imalemera magalamu 63.55, choncho pamwamba pali 254.2. Pansi, 4.724 × 10⁻²³ kuchulukitsa ndi 6.022 × 10²³ kumapereka 28.45. Mukagawa mupeza 8.935 g/cm³, pafupi kwambiri ndi 8.96 imene amayeza pa kopa weniweni.

Ngati mwapeza cha m'ma 2.2, mwawerenga makona okha n'kuiwala nkhope. Mukapeza 4.5, mwaika 2, yomwe ndi Z ya BCC, selo yokhala ndi maatomu m'makona ndi imodzi pakati penipeni.