Few kapena little? Yambani mwayang'ana dzina

"Aphunzitsi, ndine mayi wa ana awiri, ndikubwereza Fomu 4 kusukulu yamadzulo. Pa mayeso oyeserera panali funso ili: *There was ___ furniture in the room, so we sat on the floor.* Mayankho anali *few*, *a few*, *little* ndi *a little*. Ine ndinasankha *few* poti mipando imawerengeka, koma anandithetha. Ndinalakwa pati?"

Achemwali, yankho lake ndi *little*, ndipo kuti mulipeze mufunika kudzifunsa mafunso awiri motsatizana.

Loyamba: kodi dzina limene lili kutsogolo kwa mpatawo limawerengeka m'Chingerezi? Ndati m'Chingerezi dala, chifukwa apa ndi pamene munapunthwa. Inu munaona mipando ndi matebulo m'maganizo mwanu n'kuyamba kuwerenga. Zoonadi *chair* amawerengeka: *one chair, two chairs*. Koma *furniture* ndi dzina la katundu yense wa m'nyumba pamodzi, silitenga *a* kumayambiriro kapena *s* kumapeto. Palibe *two furnitures*. Mayina owerengeka amayenda ndi *many* ndi *few*, pamene osawerengeka amayenda ndi *much* ndi *little*. Ndiye *few* ndi *a few* agwa kale, mwatsala ndi mayankho awiri.

Chiganizocho chinakutsinaninso khutu, kungoti simunamve. Chinati *There was*, osati *There were*. Dzina lotsatana ndi *few* limakhala lochulukitsa nthawi zonse, choncho likanafuna *were*. Mukakayikira dzina, yang'anani mneni.

Chichewa chathu chimathandiza pang'ono. Timati "mabuku angati?" koma sitinena "ufa ungati?", timati "ufa wochuluka bwanji?" Kusiyana kumeneku ndi kofanana ndi kwa *how many books* ndi *how much flour*. Koma musachidalire kwambiri. Pamsika timafunsa "ndalama zingati?" tsiku ndi tsiku, chonsecho *money* sawerengeka, amati *how much money*. Chimawerengeka ndi makobidi ndi mapepala ake: *many coins*, *a few notes*. Mayina ena amene amakola ophunzira chimodzimodzi ndi *advice*, *information*, *luggage*, *equipment*, *homework* ndi *bread*. Amenewa ingowalowezani pamtima, palibe njira yachidule. *News* naye ndi wachinyengo, ali ndi *s* koma sawerengeka: *there isn't much news*. Pamene *people* ndi *cattle* alibe *s* koma ndi ochulukitsa: *many people*, *a few cattle*.

Funso lachiwiri: kodi chiganizocho chikudandaula kapena chikukhutira? Kachilembo ka *a* ndi kamene kamanyamula nkhani imeneyi. *Little* ndi *few* opanda *a* amatanthauza zochepa zedi, zosakwanira, kungotsala pang'ono kuti zisakhalepo. *A little* ndi *a few* amati zilipo ndithu, zochepa inde, koma n'kuthandizika nazo. Mwana akabwera kuchokera kukhitchini n'kunena kuti *There is a little sugar*, tenthetsani madzi, tiyi amwedwa. Akati *There is little sugar*, yambani kufunafuna ndalama yopita nayo kuokala. Shuga m'chitini akhoza kukhala yemweyo, chasiyana ndi mmene wolankhulayo akumuonera.

Tsono bwererani ku funso lija. Mbali yachiwiri ikuti anthuwo anakhala pansi. Anakhaliranji pansi? Chifukwa pokhala panalibe pokwanira. Kumeneko ndi kudandaula, ndiye *little*. Chikanakhala kuti chikuti *so we had somewhere to sit*, yankho likanakhala *a little*. Olemba mayeso amabisa yankho kuseri kwa *so*, *but* kapena *because*, n'chifukwa chake si bwino kudzaza mpata musanawerenge mpaka pa mpumiro.

Pali msampha umodzi apa. Mukaona *only* mpata usanafike, *a* ayenera kukhalapo ngakhale chiganizo chikudandaula: *only a few students passed*, *only a little rain fell*.

Za *much* ndi *a lot of* sindichulutsa gaga. *A lot of* sasankha, amalowa konse: *a lot of water*, *a lot of cars*. *Much* amakonda mafunso ndi ziganizo zokana, monga *Do you have much work?* kapena *I don't have much time*. M'chiganizo chovomera cha masiku onse, *I have much money* imamveka youma, anthu amati *I have a lot of money*. Koma pambuyo pa *how*, *too*, *so* ndi *as*, *a lot of* saloledwa. Pamenepo muyenera kusankha pakati pa *much* ndi *many*, ndipo mubwereranso ku funso loyamba lija.

Chenjeraninso ndi mayina a nkhope ziwiri. *How much time do we have?* akufunsa kutalika kwa nthawi, pamene *How many times did you call?* akufunsa kuti munaimba kangati. *Paper* wolembapo sawerengeka, koma *papers* a mayeso amawerengeka. Apa *s* ndi amene angakuuzeni tanthauzo limene wolemba funso akufuna.

Yesani ili, mundilembere yankho ndi zifukwa zake ziwiri: *She gave me ___ advice, and it helped me pass.* Mayankho ndi anayi omwe aja.