Nyale siingalimbane ndi dzuwa la masana

"Ndikupanga chithunzi cha pabalaza mu pulogalamu ya Blender. Kuwala kwa pawindo kuli bwino, koma nyale za pambali pa sofa sizikuoneka. Ndikaziwonjezera mphamvu, khoma lonse likufiira. Nditani?"

Mwandikumbutsa tsiku limene ndinachita manyazi. Mayi wina anandipatsa ntchito yojambula balaza la nyumba imene ankamanga, ndipo ankafuna zonse: dzuwa lilowe pawindo lalikulu, nyale ziwiri ziziyakanso. Ndinakweza nyalezo mpaka zinaoneka. Ndinachezera usiku wonse, kompyuta itatentha ngati mbaula, magetsi n'kuzimanso chithunzi chili pakati. M'mawa mayiwo anangoyang'ana kamodzi. "Achimwene, penti ndinasankha ine ndi yoyera. Ya mapapayayi mwaitenga kuti?"

Sanalakwitse. Tayatsani babu kwanuko dzuwa lili pamutu, muone ngati khoma lisinthe. Panja nthawi imeneyo kuwala kumatha kufika malakisi 100,000 pa muyeso wa kuwala, pomwe balaza lowala ndi nyale usiku limangokhala pa 100 kapena 200. Ngakhale windo limalowetsa kagawo kochepa chabe, babu limagonjabe. Ndiye mukaikakamiza nyale kuti ioneke masana, mwapanga nyale imene kulibe, ndipo kufiira kwake kumagunda denga n'kumwazikira paliponse. Chizindikiro chake n'chakuti mithunzi ya pansi pa tebulo imakhala iwiri yakuda mofanana, diso n'kusowa kumene kuwala kukuchokera.

Zithunzi zambiri zotsatsira nyumba zili ndi bodza limeneli, ndipo zimandinyansa. Nyale zonse ngwee, kunja kuli dzuwa loswa mtengo! Ndani amawononga mayunitsi choncho? Ine ndinasiya. Kasitomala akafuna nyale zioneke, ndimamuuza kuti chithunzicho chikhala cha chakumadzulo, basi.

Ndiye mutani?

Tsitsani thambo, musakweze nyale. Ngati mukugwiritsa ntchito Cycles ndi Sky Texture, ikani Sun Elevation pafupi ndi madigiri 2, muchotse Sun Disc, ndipo pawindo muike Area light yochonga Portal kuti timadontho tichepe. Mtundu wa nyale musausankhe ndi maso. Lumikizani Blackbody, imene imapereka mtundu wa kuwala malinga ndi kutentha, pa 2700K, ngati babu lakale lija, ndipo mphamvu yake ingokwanira kuwalitsa mkono wa sofa ndi kachigawo ka khoma kumbuyo kwake. Kuyambira Blender 4.3 muli White Balance pansi pa Color Management. Ikani cha m'ma 4500K. Mukaika 6500K nyale imasanduka papaya uja, mukaika 2700K windo limabiriwira ngati buluu wochapira.

Mugawenso thambo ndi nyale mu Light Groups ziwiri, kuti muzisintha mu Compositor osayambanso chithunzi. Ndikanadziwa zimenezi usiku uja ndikanagona. Mayi aja anavomera cha madzulo, khoma loyera pafupi ndi windo, kufiira kuli pakona ya sofa pokha.