Mjigo landirani koma pepala musasaine msanga

"Kampani ya mgodi yaipitsa mtsinje kwathu, nsomba zafa, koma yatilonjeza mijigo iwiri ndi buloko ya sukulu. Mwana wanga wa ku koleji akuti kampani imagwirira ntchito eni masheya basi, ife sitiwerengedwa. Tithokoze kapena tikasume?"

Mayi inu mwandikumbutsa zowawa mpaka manja akunjenjemera. Ine ndinali ndi dimba mphepete mwa kamtsinje kumunsi kwa mgodi wina, tomato ndi repu, ndi mmene ndimalipilira ana fizi. Tsiku lina m'mawa ndafika ndi keni yanga ndapeza madzi asanduka obiriwira ngati mankhwala opopera tomato aja, nsomba zayandama mimba m'mwamba, achule omwe ziii. Ine osadziwa ndinali nditathirira kale madzulo ake. Pofika masana masamba anali atapsa ngati wathira madzi otentha, ndipo mwana wanga wamkazi amene anachapa zovala mmenemo miyendo inatuluka zilonda, usiku onse kulira kuti amama kukuyabwa, ine ndilibe ngakhale ya thiransipoti yopitira kuchipatala. Usiku omwewo ma thiraki a mgodi anali akuthira laimu mumtsinje kuti asidi aphwe, oyeza madzi pofika patatha masiku anayi anati madzi ali bwinobwino!! Zimandipwetekabe mpaka lero.

Kenako anabwera bambo wa taye ndi galimoto yoyera, kutisonkhanitsa kwa amfumu, kulankhula za chitukuko, kutijambula zithunzi tili pa mjigo watsopano. Anatipatsa ndalama yosakwana ngakhale feteleza wa dimba lija ndi pepala lachizungu, ine ndinasaina chifukwa kunyumba kunalibe ufa. Pambuyo pake ndi pomwe wina anandiwerengera kuti ndavomera kuti sindidzadandaulanso. Bambo wa taye uja ankadziwa bwino kuti ambiri a ife sititha kuwerenga chizungu.

Mwana wanu sakunama. Maganizo amenewo anawatchukitsa ndi katswiri wa zachuma wa ku Amereka, Milton Friedman, mu 1970, kuti udindo wa kampani ndi kuchulukitsa phindu. Koma iye yemweyo anati zichitike motsata malamulo komanso popanda chinyengo, ndiye kuthira asidi mumtsinje palibe pothawira. Vuto ndi loti bwana amawerengetsa masamu, kukonza damu la zinyalala za mgodi ndi ndalama zankhaninkhani pomwe mjigo ndi ndalama yochepa, ndipo chindapusa cha boma chikakhala chochepa amasankha mjigo. Mjigo ndi mphatso, akafuna asiya chaka chamawa. Mtsinje ndi ngongole, ndipo amalipira pokhapokha eni masheya akaona kuti mlandu uwadyera phindu.

Onani zomwe zinachitika ku Chingola ku Zambia, si mgodi wathu uja ayi koma nkhani yake ndinaitsatira. Anthu 1,826 a m'midzi ya Shimulala, Kakosa, Hippo Pool ndi Hellen anasumira Konkola Copper Mines pamodzi ndi kholo lake Vedanta ku London mu 2015, ponena kuti mgodi wa Nchanga waononga madzi ndi minda yawo. Vedanta inkati mlanduwu ndi wa ku Zambia, usazengedwe ku Britain. Mu Epulo 2019 khothi lalikulu kwambiri la ku Britain linati mlandu ukhoza kuzengedwa konko, ndipo china chomwe oweruza anayang'ana ndi malipoti a Vedanta yomweyo, momwe inkalemba kuti imayang'anira za chilengedwe m'migodi yake yonse. Mawu awo okometsera aja ndi omwe anawakola. Mu Januwale 2021 anagwirizana kunja kwa khothi, kampani osavomera kulakwa, ndiye muwerenge nokha, zaka zoposa zisanu anthu akudikira.

Ndiye inu chitani izi lero lomwe, tungani madzi m'mabotolo oyera, lembanipo tsiku, nthawi ndi malo, ena kumtunda kwa paipi yawo ena kumunsi kuti asadzanene kuti mtsinje unali choncho kale. Jambulani nsomba ndi mbewu, odwala apite kuchipatala zilembedwe m'buku. Kadandauleni polemba kalata ku bungwe la boma loteteza chilengedwe, ku MEPA ngati muli ku Malawi, ku ZEMA ngati ndi ku Zambia, kope ina adinde musunge. Timabuku tawo tachitukuko ndi makalata a malonjezo musataye ngakhale kamodzi.

Mijigoyo landirani, ana amwa chani? Pepala lokha musasaine loya asanaliwerenge, ndipo muziyenda pagulu osati amfumu okha kukakumana nawo kuseri. Komabe ndisakunamizeni, milandu imeneyi imatha zaka, ena amamwalira asanaone ndalama, ndiye ngati m'nyumba mulibe chakudya ndipo abwera ndi envulopu ine sindingakuweruzeni. Kungoti muwauze alembepo kuti ndalamayo ndi ya mbewu za chaka chino zokha, osati za nthaka ndi matenda, ine dimba lija mpaka pano silibereka.