Sivi yanga ikungooneka ngati ndandanda wa ntchito

"Achimwene, ndagwira zaka zitatu pa shopu ya zipangizo zaulimi ku Kasungu. Pa sivi ndinalemba kuti ndinali ndi udindo woyang'anira sitoko, kuthandiza makasitomala komanso kulemba malipoti. Ndikumaapulaya koma sakundiitana. Ndikonze pati?"

Achemwali, mizere itatu yonseyo ikunena zomwe abwana anakuuzani kuti muzichita, zomwe inuyo munachita palibepo. Munthu amene ankangogona pa kauntala naye angalembe zomwezo ndipo sanganame.

Tiyeni titenge wa sitokowo. Chotsani kaye "ndinali ndi udindo wa", mzere uyambe ndi mneni wosonyeza kuti manja anu anagwirapo: ndinayambitsa, ndinachepetsa, ndinaphunzitsa, ndinatolera. Pachingerezinso ndi chimodzimodzi, mneni kutsogolo, ndipo ngati ntchitoyo munasiya alembedwe monga zinthu zakale. Kenako mudzifunse kuti mutafika pa shopupo zinthu zinali bwanji ndipo chinasintha ndi chani. Tiyerekeze kuti matumba a feteleza ankasowa pafupifupi 12 pa mwezi chifukwa sitoko inkawerengedwa pokhapokha abwana akakumbukira, inu munayamba kuwerenga Lachisanu lililonse nkumalemba mu Excel, osowawo anatsika kufika pa 2. Ndiye mzere wanu ukhala chonchi:

"Ndinayambitsa kuwerenga sitoko sabata iliyonse mu Excel, matumba a feteleza osowa anatsika kuchoka pa 12 kufika pa 2 pa mwezi."

Manambalawa ndangopeka kuti muone kalembedwe kake, inu muike anu enieni. Apa mpamene anthu ambiri amadzitchera okha msampha, amangolemba kuti anakweza malonda ndi 80 peresenti chifukwa zikumveka bwino, ku intavyu akawafunsa kuti munawerengera bwanji, kukamwa yasa, ndiye olemba ntchito ena amaimbiranso abwana akale aja kufunsa. Fufuzani mu buku la sitoko, malisiti, ngakhale mameseji akale a pa WhatsApp omwe munkatumiza malipoti. Ngati mukungokumbukira patalipatali lembani "pafupifupi".

Nambala ikasoweratu musakakamize, zotsatira zimaoneka ndi mawunso. Za malipotizo mutha kulemba kuti "Ndinakonza fomu ya malonda a tsiku ndi tsiku yomwe shopu ikugwiritsabe ntchito", ngati zilidi choncho.

Mzere wa makasitomala ndi umene ukundinyansa kwambiri, "kuthandiza" amabisa chilichonse. Munkawatani? Ngati munkalangiza alimi za mbewu ya chimanga yocha msanga mvula ikachedwa, nenani zimenezo, ndi alimi angati pa tsiku nthawi ya dzinja. Koma musalumphirenso pa "ndinatsogolera" pamene munali awiri okha ndipo wamkulu anali mnzanuyo.

Mzere uliwonse usapitirire mizere iwiri pa pepala, ndipo wa sitoko uja muuike pamwamba ngati mukuapulaya ntchito ya ku weyahausi.